Matumba 8 a mayi wina ndi matumba 8 a bambo wina: zomwe ndinaphunzira poyesa mafunso a kafukufuku

Funso lomwe linativuta kwambiri pa kafukufuku wathu wa ku Mchinji linali lomwe tonse tinkaliona ngati losavuta. Pa fomu linalembedwa kuti: "Kodi chaka chatha munakolola matumba angati a chimanga?" Pansi pake panali kabokosi kolembamo nambala. Ine ndinali mmodzi wa omwe analemba funsoli, ndipo titakhala mu ofesi ku Lilongwe kuwerenga fomu yonse mokweza, palibe anaima pamenepo. Tinataya nthawi yaitali pa mafunso a ngongole ndi a ndalama za pakhomo, poganiza kuti amenewo ndiwo anthu adzavutike nawo. La chimanga tinangolidutsa.

Bungwe lomwe linatilemba ntchito linkafuna kudziwa mabanja omwe chakudya chidzawathere msanga, mvula isanagwe kapena itangoyamba. Unali mwezi wa Ogasiti. Tisanapite m'midzi yomwe inasankhidwa, woyang'anira gulu lathu anaumirira kuti tikayese kaye mafunsowo m'mudzi wina woyandikana nayo, womwe sunali pa mndandanda. Kuyesaku timangokutcha payiloti. Amasankha mudzi wapadera chifukwa munthu amene wamva kale mafunso sayankhanso chimodzimodzi kachiwiri, ndiye sufuna kuwononga makomo omwe udzawafune pa kafukufuku weniweni. Koma mudziwo uyenera kufanana ndi enawo: chilankhulo chomwecho, mbewu zomwezo, kalimidwe komweko.

Tinalipo anthu 6, ndipo tinayenda awiriawiri. Mmodzi ankafunsa monga mmene funso lalembedwera, osasintha liwu ngakhale limodzi. Winayo sankalankhula, ankangolemba pa pepala lapadera zomwe akuona: pomwe woyankha wakhala chete nthawi yaitali, pomwe wafunsa kuti "mukunena chiti?", pomwe wayang'ana mnzake asanayankhe, ndi pomwe wofunsayo walephera kupirira n'kuyamba kufotokoza funso m'mawu ake. Tinagwirizananso kuti pa mafunso a nambala, munthu akayankha tiziwonjezera funso limodzi lomwe silinali pa fomu: "Nambala imeneyi mwaipeza bwanji?"

Khomo langa loyamba linali la amayi a zaka ngati makumi asanu, omwe tinawapeza akupeta pa mphasa kuseri kwa nyumba. Titaodira, anatiyalira mphasa ina pamthunzi, tinalonjerana, ndipo ndinafotokoza chomwe tabwerera. Titafika pa funso la chimanga sanazengereze konse.

"Matumba 8," anatero.

Ndinalemba 8. Tabuleti, kachipangizo kathu kolemberamo mayankho, inalandira. Ndikanakhala pa kafukufuku weniweni ndikanapitirira pomwepo, ndipo ndikanaona kuti funsolo lagwira bwino ntchito chifukwa layankhidwa msanga. Koma ndinafunsa funso tinagwirizana lija.

"Amayi, matumba 8 amenewa mwawawerengera bwanji?"

"Si ali m'nyumbamu, mwanangu. Tinatonola, tinathira mankhwala, tinasoka. Mukufuna muwaone?"

Mnzanga amene ankalemba anandikodola n'kuloza nkhokwe yomwe inali chapafupi ndi khola la mbuzi. Inali isanathe, chimanga cha makoko chinkaonekera m'mipata ya nsungwi, chofika cha pakati.

"Nanga cha mu nkhokwecho?"

"Aaa, chimenecho si cha m'matumba. Inu mwafunsa matumba."

Amayiwo sanalakwitse chilichonse. Ndinafunsa matumba, anandiuza matumba. Titacheza pang'ono zinadziwika kuti kumunda kunachoka ngolo zitatu za chimanga chosasenda. Anatonolako gawo lina, n'kupeza matumba 9, koma limodzi anabweza nalo ngongole ya feteleza kwa mlamu wawo, ndiye sankaliwerengera chifukwa "silinagone m'nyumba muno". Zidebe ziwiri analipira anyamata omwe anawathandiza kusanja mikukwe ndi kututa. Chotsala mu nkhokwe iwo eni anayerekeza kuti chikhoza kutulutsa matumba 4 kapena 5. Tikaphatikiza zonsezi tikufika pa matumba pafupifupi 14, osawerengera dowe yemwe banjalo linkathyola kumunda kuyambira mwezi wa Malichi. Pa fomu yanga panali 8.

Madzulo a tsikulo, titakumana kuti tifotokozerane zomwe tapeza, mnzathu wina anati nayenso anali ndi khomo la matumba 8. Anali bambo wachinyamata wokhala pachikamwini, wolima kamunda kakang'ono komwe anapatsidwa ndi apongozi ake. Iye alibe ngolo, ndiye anatuta chimanga chake pa njinga, m'matumba a feteleza. Anawerenga maulendo ake, ndipo matumba omwe ananyamula analidi 8. Koma anali matumba a chimanga chosatonola. Mawa lake tinapempha thumba limodzi lotere pakhomo lina, tinathandizana kutonola, ndipo linatulutsa chidebe chimodzi ndi theka. Zidebe pafupifupi zitatu za malita 20 ndizo zimadzaza thumba la makilogalamu 50, choncho thumba la chosatonola linali ngati theka la thumba la chotonola. Matumba 8 a bamboyu anali ngati matumba 4.

Taonani tsono zomwe zikanachitika. Wowerengera ku ofesi akanachulukitsa 8 ndi 50 n'kulemba makilogalamu 400 pa makomo onse awiri. Koma khomo lina linakolola pafupifupi makilogalamu 700, linalo pafupifupi 200. Banja lomwe chimanga chake chikhoza kufika nacho Febuluwale ndi banja lomwe lidzayambe kuyenda pa ganyu Okutobala asanathe akanaoneka ofanana ndendende. Ndipo cholinga chonse cha kafukufukuyo chinali kusiyanitsa mabanja awiri amenewa.

Chomwe chinandikhudza n'chakuti palibe chizindikiro chilichonse chikanatichenjeza. Funso lovuta kumva limadziulula lokha: munthu amakwinya nkhope, amakufunsa kuti ubwereze, kapena amati sakudziwa. Koma funso losalunjika silitero. Aliyense amalimva bwinobwino, kungoti aliyense amamva lake, ndipo amayankha mwachangu ndi mtima wonse. Payiloti yongoona ngati anthu akuyankha sikanaligwira. Linagwidwa chifukwa tinafunsa mmene yankholo lapezekera.

Usiku umenewo tinaliphwanya funsolo liwu ndi liwu, ndipo tinapeza kuti pafupifupi liwu lililonse linali ndi zitseko ziwiri. "Chaka chatha" ndilo linatidabwitsa kwambiri. Mwa makomo 14 omwe tinayendera, ambiri anamva kuti tikunena zokolola za miyezi itatu yapitayo, chifukwa kwa mlimi chaka chimayamba ndi mvula n'kutha ndi kukolola, ndipo chaka chimenecho chinali chitathadi. Koma makomo atatu anatiuza za dzinja linalo, la chaka cha pa kalendala, ndipo agogo ena anachita kutifunsa kuti, "Chaka chatha chake chiti, cha mvula yoduladula chija?" Kenako "munakolola". Inu ameneyo ndani? Mu Chichewa timati "inu" kwa munthu mmodzi pomulemekeza, timatinso "inu" kwa banja lonse. Pakhomo lina amayi anatchula za munda wawo wokha, osaphatikiza wa amuna awo womwe uli kumudzi kwawo kwa amunawo. Pa mitala zinali zovutirapo. Ndipo panalinso dimba: ena anaphatikiza chimanga cha kudimba, ambiri sanachiganizire n'komwe, chifukwa chimenecho amagulitsa chachiwisi ndipo sichilowa mu nkhokwe.

Wina pagulupo anati tingowonjezera mawu m'funso lomwelo kuti limveke bwino. Tinayesa, ndipo linatuluka chiganizo cha mizere inayi chomwe palibe akanachitsatira mpaka kumapeto. Munthu akamamvetsera funso lalitali amagwira mawu oyamba kapena otsiriza, apakati amatayika. Tinaona kuti n'kwabwino kulidula kukhala mafunso angapo aafupi, otsatira mmene chimanga chimayendera kuchoka kumunda.

Loyamba linakhazikitsa nthawi ndi malo: "Tikambe za chimanga cha mvula yomwe yangothayi, chomwe mwakolola chaka chino cha mu Meyi kapena Juni. Anthu a pakhomo pano, omwe mumadya mphika umodzi, munalima chimanga m'minda ingati?" Mawu akuti mphika umodzi anatithandiza kwambiri kuposa akuti banja, chifukwa banja kwathu kuno limafika mpaka kwa amalume. Kenako pa munda uliwonse: "Pochotsa chimanga kumundako munatutira chiyani?" Apa munthu amasankha yekha muyezo wake, kaya ngolo, matumba, madengu kapena zidebe, ndipo ife timangolemba. Chotsatira: "Zinakwana zingati?" Ndiyeno: "Chinali cha makoko, chosenda koma chosatonola, kapena chotonola?" Pomaliza tinkafunsa ngati panali china chomwe chinachoka chisanafike pakhomo, monga cholipira aganyu kapena chobweza ngongole. Dimba tinalipatsa funso lakelake.

Kusiya munthu kuti atchule muyezo wake kunasamutsa ntchito yovuta kuichotsa pamutu pa woyankha kuibweretsa kwa ife. Poyamba tinkakakamiza mayi amene anatuta pa ngolo kuti asinthe ngolozo zikhale matumba m'mutu mwake, ife tili pomwepo kudikira. Ena ankachita bwino, ena ankangotchula nambala yozungulira kuti tipitirire. N'chifukwa chake pa mapepala a tsiku loyamba 5 ndi 10 ankabwerabwera. Ukaona mayankho ambiri akuunjikana pa 5, 10 ndi 20, dziwa kuti anthu akuyerekeza, sakukumbukira. Tsopano kusinthako kunali kwathu. Sikuti kunali kophweka. Ngolo sizifanana kukula, ndipo wina amadzaza mpaka kusanjikiza pamwamba pomwe wina amalekeza m'milomo. Tinayeza ngolo zingapo za m'deralo ndi tepi, ndipo tinawonjezera kafunso koti inali yodzaza motani. Nambala yotuluka pamenepo si yeniyeni ndendende, koma njira yowerengera ndi imodzi pa makomo onse, ndipo tikudziwa komwe kulakwa kwake kukuchokera.

Funso lachiwiri lomwe payiloti inatigwetsera linali la chakudya: "Kodi dzulo munadya kangati?" Apa ndiye ndinaphunzira kufunsitsa, ndipo ndinaphunzira polakwitsa.

Agogo ena aamuna anandiyankha kuti, "Kamodzi kokha, madzulo." Pakhonde pawo panali makoko a mbatata yophika m'mbale. Ndinadziwa chomwe chachitika, chifukwa nanenso ndinakulira m'nyumba momwe tsiku lopanda nsima linkatchedwa tsiku logona ndi njala, ngakhale mutadya mpunga. Kwa ambiri a ife kudya ndi nsima. Mbatata, maungu, phala, chinangwa ndi thobwa n'zongogwiriza m'mimba. Ndiye ndinafulumira.

"Koma m'mawa munadya mbatata eti, agogo? Ndiye kuti ndi kawiri?"

"Eya, kawiri," anavomera.

Mnzanga analemba zonsezi, ndipo madzulo anaziwerenga pagulu. Woyang'anira anandifunsa modekha kuti, "Achimwene, kawiriko ananena ndani, inu kapena agogowo?" Ndinalibe poyankha. Nambalayo inachoka m'kamwa mwanga, agogowo anangoilandira. Mwina inali yoona, mwina anadyanso china masana, sindinawapatse mpata woti anene. Kumudzi mlendo wobwera ndi tabuleti, amene wadzera kwa amfumu, satsutsidwa pa nkhani yaing'ono ngati imeneyi. Munthu wamkulu amangoti "eya" mwaulemu kuti zinthu ziyende. Funso lililonse lotha ndi "eti" kapena "si choncho" limabweza yankho lomwe wofunsa wabwera nalo.

Kufunsitsa kwabwino sikuika chilichonse m'kamwa mwa munthu. Kumangomutsegulira njira yoti akumbukire. Mawa lake tinayesa kuyenda naye munthu tsiku lonse la dzulo kuyambira m'mawa. "Mutadzuka dzulo, chinayamba kulowa m'kamwa n'chiyani, kaya chakudya kapena chakumwa?" Akayankha, "Kenako?" Akatchula nsima, "Ndiwo zake zinali chiyani?" Akaoneka kuti wamaliza, "Pali chinanso, ngakhale chaching'ono, mwina kumunda, kumsika kapena kwa anzanu?" Mayi wina amene poyamba anati anadya kamodzi, titayenda naye chonchi anatchula phala la mgaiwa m'mawa, mbatata cha m'ma 10, thobwa kwa mnansi masana, ndi nsima ya nkhwani wotendera madzulo. Mayi wina anatchula tiyi wopanda shuga m'mawa ndi nsima madzulo, basi, ndipo nditafunsa "pali chinanso?" anapukusa mutu. Awiriwa pa funso lakale akanalembedwa chimodzimodzi.

Chida china chomwe ndinkachipeputsa ndi kukhala chete. Munthu akayankha mwachidule, wofunsa amamva ngati mpata ukumuwotcha, ndiye amathamangira kudzazapo ndi mawu ake. Ndinadziphunzitsa kuwerenga chamumtima mpaka 5 ndisanalankhule, maso ali pa munthuyo osati pa tabuleti. Nthawi zambiri pofika pa 3 munthu amapitiriza yekha: "Komanso kunabwera mwana wa achemwali ndi nzimbe..." Kubwereza mawu ake omwe kumathandizanso. Akati "chimanga chinavuta", iwe umangoti "chinavuta?" n'kudikira. Ukati "chinavuta chifukwa cha feteleza?" wamusankhira kale chifukwa, ndipo za mbozi kapena za matenda omwe anamugoneka nthawi yopalira sudzazimva.

Pali chinthu chimodzi chomwe tinatsutsana kwambiri. Anzanga ena, makamaka omwe anayenda m'makafukufuku ambiri, ankafuna kuti aliyense azifunsitsa mmene akuonera, chifukwa amadziwa kucheza ndi anthu. Ine ndinaima ndi woyang'anira kuti mafunso ofunsitsawo alembedwe pa fomu, pansi pa funso lililonse, ndipo tonse tizigwiritsa ntchito omwewo. Chifukwa chake tinachiona pa mapepala athu omwe. Mnzathu wina wolimbikira kufunsitsa ankapeza zakudya zambiri pa khomo lililonse kuposa wina wofulumira. Zikanapitirira choncho, midzi ya woyambayo ikanaoneka yokhuta ndipo ya winayo yanjala, pomwe kusiyana kunali kwa ofunsa, osati kwa midzi. Pa zokambirana zomasuka, zomwe umakhala ndi munthu ola lathunthu ukujambula mawu, ufulu umenewo ndi wofunika. Koma pa fomu yomwe mayankho ake adzaphatikizidwa n'kuyerekezedwa, aliyense ayenera kufunsidwa mofanana.

Zokambirana zomasukazo nazonso zinali ndi funso lake losalunjika, ngakhale silinatitengere nthawi. Tinkayamba ndi "Ulimi ukuyenda bwanji kuno?" ndipo yankho linkakhala la moni: "Ukuyenda bwino" kapena "Mavuto okhaokha." Titasintha n'kumati, "Tandifotokozereni za tsiku lomwe munathira feteleza komaliza, munamupeza bwanji?", anthu ankayamba nkhani yokhala ndi tsiku, mtengo, mtunda ndi mayina a misika. Munthu amakumbukira chochitika, savutika nacho ngati mmene amavutikira kupereka chigamulo cha ulimi wonse.

Titakonza fomu tinabwereranso kukayesa kachiwiri, m'mudzi wina, makomo 10. Ena ankaona ngati n'kutaya tsiku, koma funso lokonzedwa ndi funso latsopano, ndipo nalonso likhoza kukhala ndi vuto lake. Linalidi nalo. Mawu athu akuti "mphika umodzi" anasokoneza pa makomo omwe agogo amakhala m'nyumba yawo, ali ndi munda wawo ndi nkhokwe yawo, koma nsima amalandira kuchokera kwa mwana wawo wamkazi. Ena anaphatikiza munda wa agogowo, ena ayi. Tinagwirizana lamulo limodzi, n'kulilemba pa fomu kuti wofunsa aliyense alione. Tinapezanso kuti fomu yatalika: gawo la chimanga lomwe linkatenga mphindi imodzi tsopano linkatenga pafupifupi 7, ndipo pofika kumapeto anthu ankayang'ana dzuwa. Tinachotsa mafunso ena a katundu wa m'nyumba omwe palibe akanawagwiritsa ntchito, kuti mpata upite pomwe pakufunika.

Njira ina yomwe inatithandiza pa ulendo wachiwiriwu ndi kupempha munthu kuti abwereze funso m'mawu ake. Umafunika kuyamba bwino kuti asaone ngati ukumuyesa nzeru. Ine ndinkati, "Amayi, mafunsowa tikuwakonza kumene, ndiye mutithandize. Mukanati mufunse mnzanu funso lomweli, mukanamufunsa bwanji?" Anthu ankasangalala kupatsidwa udindo umenewo, ndipo mawu ena abwino kwambiri pa fomu yomaliza anachokera kwa iwo. Akuti "munatutira chiyani" anatipatsa ndi mayi wina. Ife tinali titalemba za "muyezo womwe munagwiritsa ntchito", zomwe palibe amalankhula.

Pali malire omwe kufunsitsa sikungadutse, ndipo ndiyenera kuwanena. Kulikonse komwe tinkafika, mbiri inkatsogola yoti kwabwera olemba mayina a chithandizo. Munthu amene akuganiza kuti yankho lake lingamulowetse kapena kumuchotsa pa mndandanda wolandira chimanga amatchula nambala yotsika, ndipo sindimuweruza. Ana ake ndi omwe angagone ndi njala. Funso lolunjika bwanji silichotsa mantha amenewo. Chomwe tinkachita n'kunena poyera pachiyambi, kwa amfumu ndi pakhomo lililonse, kuti mayankhowa sakusankha munthu aliyense wolandira kanthu, komanso kusalonjeza chomwe sitingapereke. Mafunso aafupi otsatizana aja ankathandizako pang'ono, chifukwa munthu akafotokoza minda, ngolo ndi nkhokwe, nkhani yake imagwirizana yokha. Koma pomwe nambala ikuoneka yosagwirizana ndi nkhokwe yomwe ukuiona ndi maso, ntchito yako si kumugwira bodza. Umafunsa kamodzi mwaulemu, "Cha mu nkhokwecho tachiwerengera kale?", umalemba chomwe wanena, ndipo zomwe waona umazilemba m'bokosi la ndemanga.

Tsiku lomaliza la payiloti tinadutsanso pa khomo la amayi a matumba 8 aja kukawathokoza, ndipo ndinawapempha kuti ndiwafunsenso gawo la chimanga ndi mafunso atsopanowo, ngakhale mayankho awo sakanalowa m'kafukufuku. Anatchula minda iwiri, ngolo zitatu zodzaza za chimanga cha makoko, thumba la mlamu wawo ndi zidebe ziwiri za anyamata aja, popanda ine kufunsitsa paliponse. Titafika pa funso la dimba anaseka n'kunena kuti, "Limenelo tsiku lija simunafunse." Anali ndi kadimba kumtsinje komwe chimanga chake chinali chitayamba kumasula, ndipo ankayembekeza kuyamba kugulitsa dowe mu Okutobala.